Kaundula wodziwerengera yekha obwera, ochedwa ndi ojomba: lipoti la kamangidwe ndi mayeso ake

Lipotili likufotokoza kaundula wa pasipuredishiti wa gulu la mamembala 32 lomwe limakumana Loweruka lililonse nthawi ya 9 koloko m'mawa. Kaundulayu ndi wa miyezi itatu, kuyambira pa 4 Januwale mpaka pa 29 Malichi 2025, ndipo m'nyengo imeneyi muli misonkhano 13. Gululi ndi manambala ake tazitenga ngati chitsanzo choti woŵerenga athe kutsatira masamu onse, koma mafomula ndi enieni. Mayina a mabatani ndi a mu Microsoft Excel. Mafomula omwewa amagwiranso mu Google Sheets ndi LibreOffice Calc, kungoti mabatani ena ali pamalo osiyana.

Vuto lomwe linalipo

Kaundula woyamba wa gululi unali wosavuta kumva. Membala akabwera, mlembi ankalemba chizindikiro m'kabokosi ka tsikulo. Akapanda kubwera, kabokosiko kankasiyidwa kopanda kanthu, ndipo fomula ya COUNTBLANK inkawerenga timabokosi topanda kanthuto ngati masiku ojomba. Pofika pa 8 Malichi gululi linali litakumana maulendo 10, koma membala yemwe sanaphonyepo msonkhano ngakhale umodzi ankaoneka kuti wajomba katatu, chifukwa timabokosi ta pa 15, 22 ndi 29 Malichi tinali tisanalembedwe. Membala yemwe analowa m'gulu pa 1 Febuluwale ankaoneka kuti wajomba maulendo 7: inayi ya mu Januwale asanakhale membala, ndi itatu yomwe inali isanachitike.

Gwero la vutoli ndi lakuti kabokosi kopanda kanthu kangatanthauze zinthu zinayi. Mwina munthu wajombadi, mwina msonkhano sunachitike, mwina anali asanalowe m'gulu, mwinanso mlembi anangomudumpha polemba. Fomula singasiyanitse zinayizi. Choncho kaundula watsopano anamangidwa pa lamulo limodzi: kujomba kumalembedwa ndi chizindikiro chake ngati mmene kubwera kumalembedwera, ndipo kabokosi kopanda kanthu pomwe payenera kukhala chizindikiro ndi cholakwa chomwe kaundula ayenera kuchionetsa poyera.

Zizindikiro zinayi ndi tanthauzo lake

Zizindikiro ndi izi: BW kwa wobwera pa nthawi yake, CH kwa wochedwa, JO kwa wojomba osanena, ndi PE kwa wopepesa, kutanthauza amene anauziratu mlembi msonkhano usanayambe kuti safika. Tinasankha zilembo ziwiriziwiri dala. Chilembo chimodzi ngati B kapena C chimasokonezeka ndi mayina a makolamu anthu akamafotokozerana, ndipo P payekha ena amamuwerenga ngati wabwera chifukwa anazolowera makaundula a Chingelezi, pomwe pano akanatanthauza wopepesa.

Sipuredishiti sidziwa kuti wachedwa ndani. Imangowerenga zomwe mlembi walemba, ndiye lamulo la kuchedwa liyenera kugwirizanidwa kaye ndi kulembedwa pamwamba pa tsamba. Gululi linagwirizana kuti wofika mpaka 9:10 ndi BW, wofika ikapitirira 9:10 ndi CH, ndipo wotchi yotsatira ndi ya mlembi. Popanda mgwirizano wotere, alembi awiri osinthana amalemba mosiyana, ndipo nambala ya ochedwa imakwera ndi kutsika malinga ndi amene anagwira kaundula tsikulo.

Kayalidwe ka tsamba

Mamembala ali m'mizere yopingasa, masiku ali m'makolamu. Mzere 6 ndi wa mitu. Kolamu A ndi nambala ya membala, B ndi dzina, C ndi tsiku lomwe analowa m'gulu. M'timabokosi D6, E6, F6 ndi G6 mwalembedwa BW, CH, JO ndi PE, chimodzi m'kabokosi kalikonse, popanda mawu ena owonjezera chifukwa mafomula amadalira mitu imeneyi. H ndi kolamu ya zosalembedwa, I ndi ya peresenti. Masiku a misonkhano 13 ali kuyambira J6 mpaka V6. Mayina akuyambira mzere 7, ndipo mafomula anakokedwa mpaka mzere 66, kutanthauza malo a anthu 60, kuti olowa kumene apeze malo okonzedwa kale.

Zowonkhetsa za membala zili kumanzere, moyandikana ndi dzina, osati kumapeto kwa masiku monga zimakhalira m'kaundula wa papepala. Zowonkhetsa za tsiku nazo zili pamwamba, mizere 1 mpaka 5, osati pansi pa dzina lomaliza. Chifukwa chake n'chakuti kaundula amakula cha kumanja ndi cha pansi, ndiye zowonkhetsa zikakhala kumeneko zimakankhidwakankhidwa mpaka fomula ina imatsala m'mbuyo. Mukadina kabokosi J7 n'kusankha View, Freeze Panes, mayina, zowonkhetsa ndi masiku zimakhala chioneke pamene mukuyenda m'tsambalo. Pa sikirini yaing'ono makolamu D mpaka I achepetsedwe m'lifupi, apo ayi malo olembapo amatsala ochepa kwambiri.

Kabokosi B2 ndi ka tsiku lowerengera, ndipo muli fomula ya `=TODAY()`. Mafomula ena onse amayang'ana B2 m'malo moti iliyonse ikhale ndi TODAY yakeyake. Ubwino wake umaoneka wapampando akafuna kudziwa kuti misonkhano inali ingati pofika tsiku lina, kapena nyengo ikatha mukufuna kutseka kaundula: mumangolemba tsikulo mu B2.

Mafomula owerengera

Mu D7 munalowa fomula iyi, kenako inakokedwa cha kumanja mpaka G7 ndi cha pansi mpaka mzere 66.

```
=IF($B7="","",COUNTIF($J7:$V7,D$6))
```

Fomulayi ikuti ngati mulibe dzina mu B7 musaoneke kalikonse, koma ngati dzina lilipo werenga timabokosi ta J7 mpaka V7 tofanana ndi mutu wa kolamuyi. Ntchito yaikulu ili pa zizindikiro za $. Mu `$J7:$V7` zamangirira makolamu kuti asasunthe pokokera kumanja, koma mzere wasiyidwa womasuka kuti utsike ndi membala aliyense. Mu `D$6` wamangidwa ndi mzere, kolamu ndi yomasuka, motero fomula ikafika mu E imayang'ana CH, mu F imayang'ana JO. Mukaiwala $ pa J ndi V, fomula ya mu E imayambira pa K, ya mu F pa L, ya mu G pa M, ndipo misonkhano yoyambirira imagwa m'masamu popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Njira yodziwira ndi kudina kawiri kabokosi G7 n'kuona malo omwe azunguliridwa ndi mzere wamtundu. Ayenera kuyambira pa J.

Zowonkhetsa za tsiku zimatsata nzeru yomweyo. Mu I1 mpaka I4 mwalembedwa BW, CH, JO ndi PE, ndipo fomula ili m'munsiyi inalowa mu J1 n'kukokedwa mpaka V4.

```
=COUNTIF(J$7:J$66,$I1)
```

Pa makompyuta omwe amagwiritsa ntchito koma polemba manambala a desimo, pulogalamu imafuna `;` pomwe mafomulawa ali ndi `,`. Fomula ikakanidwa mutangoilemba, yambani mwayang'ana zimenezi.

Kolamu H

Mafomula a pamwambawa aliyense angawalembe, ndipo makaundula ambiri amathera pomwepo. Koma COUNTIF sidandaula ikakumana ndi chinthu chomwe sichidziwa. Imangochidutsa, n'kupereka nambala yooneka bwinobwino koma yoperewera. Pafunika nambala ina yochokera kwina yoti muyerekezere nayo, ndipo imeneyi ndiyo ntchito ya kolamu H. Imawerenga misonkhano yomwe membalayo amayenera kulembedwa, kuchokera pa masiku a mumzere 6, kenako n'kuchotsapo zizindikiro zomwe zapezekadi.

```
=IF($B7="","",COUNTIFS($J$6:$V$6,">="&$C7,$J$6:$V$6,"<="&$B$2)-SUM($D7:$G7))
```

COUNTIFS ikuwerenga masiku omwe sali m'mbuyo mwa tsiku lolowera membala komanso sanapitirire tsiku lowerengera. Chizindikiro cha & chikulumikiza `">="` ndi tsiku lomwe lili mu C7. Mukalemba `">=$C7"` zonse m'kati mwa mitengero, pulogalamu imayerekezera ndi zilembo zenizenizo osati tsiku, ndipo yankho limakhala 0.

Yankho loyenera mu H ndi 0 kwa aliyense. Likakhala 1 kapena 2, pali kabokosi komwe sikanalembedwe kapena kalembedwa chizindikiro chosadziwika. Likakhala pansi pa 0, zizindikiro zachuluka kuposa misonkhano: mwina munthu walembedwa pa tsiku lomwe anali asanalowe m'gulu, mwina mlembi walemba m'kolamu ya sabata yamawa, mwinanso mu C mulibe tsiku. M'mawa wa tsiku la msonkhano aliyense amaonetsa 1, ndipo manambalawa amazimirira mmodzimmodzi mlembi akamalemba. Ena amaona ngati n'cholakwika, koma ife timakonda zikhale choncho, chifukwa yemwe wadumphidwa amatsala yekha ndi 1 wake ndipo amaonekera msanga.

Mzere 5 umachita zomwezo pa tsiku lililonse. Mu J5 muli fomula iyi, yokokedwa mpaka V5.

```
=IF(AND(ISNUMBER(J$6),J$6<=$B$2),COUNTIF($C$7:$C$66,"<="&J$6)-SUM(J1:J4),"")
```

Ikuwerenga anthu omwe anali mamembala pofika tsikulo n'kuchotsapo onse omwe alembedwa. Mukaona 1 mu H ya membala wina ndi 1 mumzere 5 wa tsiku lina, pomwe mzere ndi kolamu zakumana ndi pomwe pali kabokosi kovutako.

Zomwe zinapezeka poyesa

Kaundula anayesedwa ndi zolembedwa za misonkhano 10 yoyambirira, B2 ili pa 8 Malichi. Nambala yoyembekezera inawerengedwa kaye pamanja. Mamembala 30 analipo kuyambira pachiyambi, ndiye 30 kuchulukitsa ndi 10 ndi 300. Mmodzi analowa pa 1 Febuluwale ndipo ali ndi misonkhano 6. Wina analowa pa 22 Febuluwale ndipo ali ndi misonkhano 3. Zonse pamodzi ndi 309.

Poyamba penipeni pafupifupi aliyense anaonetsa -8 mu H. Cholakwa chikakhala chofanana kwa onse, musavutike ndi mizere ya mamembala, pitani ku mzere 6. Masiku analembedwa moyamba ndi tsiku kenako mwezi, ngati 04/01/2025, pa kompyuta yomwe inatcheredwa kuti iziyamba ndi mwezi. Kwa iyo 04/01 ndi 1 Epulo, 11/01 ndi 1 Novembala, 08/02 ndi 2 Ogasiti, 08/03 ndi 3 Ogasiti, ndipo onsewa anali asanafike. Masiku ngati 18/01 ndi 25/01 inalephera kuwamva chifukwa kulibe mwezi wa 18 kapena 25, ndiye inawasunga ngati mawu chabe. Otsala anali 01/02 ndi 01/03, omwe inawatenga ngati 2 ndi 3 Januwale. COUNTIFS inapeza misonkhano iwiri yokha, n'kuchotsapo zizindikiro 10, n'kutsala -8.

Ndi maso okha simungaone msanga, chifukwa onse amaoneka ngati masiku. Pali njira ziwiri zodziwira. Yoyamba, tsiku lenileni limakhala cha kumanja m'kabokosi pomwe mawu amakhala cha kumanzere, ngati simunasinthe kayalidwe kake. Yachiwiri ndi yotsimikizika: sinthani mzere 6 kukhala General kwa kanthawi. Sipuredishiti imasunga tsiku ngati nambala, ndipo 4 Januwale 2025 ayenera kuoneka ngati 45661, Loweruka lotsatira 45668, kumakwera ndi 7 mpaka kumapeto. Kabokosi komwe sikasintha n'komwe ndi mawu.

Masiku analembedwanso moyamba ndi chaka, `2025-01-04` mu J6 ndi `2025-01-11` mu K6, kenako timabokosi tiwirito tinasankhidwa pamodzi n'kukokedwa mpaka V6. Maonekedwe anaikidwa `d mmm` kuti mwezi uzioneka ndi zilembo, poti 1 Apr pomwe mumayembekezera 4 Jan simungamuphonye. Kolamu C inaunikidwa chimodzimodzi. Sitinagwiritse ntchito `=J6+7` popanga masiku otsatira, ngakhale imafulumira, chifukwa tsiku limodzi likachotsedwa masiku onse a kutsogolo kwake amawonongeka nalo.

Zizindikiro zinali zitakopedwa kale kuchokera m'fayilo ina momwe zinatayipidwa, ndipo masiku atakonzedwa zowonkhetsa zinali BW 231, CH 38, JO 22 ndi PE 13. Izi ndi 304, zoperewera ndi 5 pa 309. Pakanapanda kolamu H, palibe akanakayikira manambalawa. Mamembala asanu anaonetsa 1. Kwa awiri kabokosi kanalidi kopanda kanthu, ndipo kaundula wa papepala anasonyeza kuti onse awiri anajomba. Wotayipayo anangotsata chizolowezi chakale chosiya wojomba osalembedwa. Kwa mmodzi munalembedwa BE, poti W ndi E n'zoyandikana pa kiyibodi. BE atha kukhala BW kapena PE, ndiye sitinaganizire, tinabwerera ku pepala n'kupeza kuti anabwera.

Awiri otsalawo ndiwo ovuta, chifukwa timabokosi tawo tinkaoneka tolondola, kena BW kena CH. Kumapeto kwa zilembo kunali mpata wosaoneka, womwe makiyibodi a pafoni amakonda kuwonjezera munthu akasankha mawu. Kwa COUNTIF, BW wokhala ndi mpata si BW. Zilembo zazikulu kapena zazing'ono sizivuta, bw amawerengedwa bwinobwino, koma mpata umavuta. Fomula ya `=LEN(N12)` imaulula zimenezi: ikapereka 3 m'malo mwa 2, muli mpata. Kukonza kwake ndi kusankha J7 mpaka V66, kudina Ctrl+H, kulemba mpata umodzi mu Find what n'kusiya Replace with mopanda kanthu. Onetsetsani kuti mwasankhadi malo okhawo, apo ayi mayina onse alumikizana ndi mayina a bambo awo. LEN ikapitiriza kupereka 3, ndiye kuti ndi mpata wa mtundu wina, wa nambala 160, womwe umabwera ndi mawu okopedwa kuchokera m'mapulogalamu ena ndipo ngakhale TRIM siuchotsa. Timabokosi tikakhala tochepa, kulembanso pamanja n'kosavuta.

Zonse zitakonzedwa, BW anali 233, CH 39, JO 24 ndi PE 13, pamodzi 309, ndipo H yense anali 0.

Ena amathana ndi mpata polemba `"BW*"` mu COUNTIF kuti iwerenge chilichonse choyamba ndi BW. Zimagwira, koma sitilimbikitsa, chifukwa zimabisa zolakwa m'malo mozichotsa, ndipo tsiku lina mudzasefa kaundula n'kupeza BW wa mitundu iwiri.

Kutchinga zolakwa zisanalowe

Pa J7 mpaka V66 panaikidwa Data Validation: Data, Data Validation, pa Allow kusankha List, ndipo pa Source kulemba `=$D$6:$G$6`. Kabokosi kalikonse kamakhala ndi kamuvi kosankhira, ndipo BE amakanidwa. Pa Error Alert pakhale Stop, chifukwa Warning imalola munthu kupitiriza akangovomera. Mu Google Sheets chofanana nacho ndi Reject the input.

Mpandawu uli ndi malire ofunika kuwadziwa. Umangoletsa zomwe munthu akutayipa. Suyang'ana zomwe zinalembedwa kale, ndipo suletsa zokopedwa. Choipa kwambiri n'chakuti mukamata ndi Ctrl+V kabokosi kochokera kwina, lamulo la kabokosiko limafufutika limodzi, ndipo kuyambira pamenepo kamalandira chilichonse. Kumata ndi Paste Special, Values kumasunga lamulo, komabe sikuunika zomwe zamatidwazo. Umu ndi mmene zolakwa zitatu za pamwambazi zinalowera m'kaundula wokhala ndi mpanda kale. Choncho panawonjezeredwa Conditional Formatting pa malo omwewo, yopaka kabokosi kofiira kakakhala ndi chinthu chosapezeka pa mitu inayi ija.

```
=AND(J7<>"",ISNA(MATCH(J7,$D$6:$G$6,0)))
```

Polemba lamuloli, kabokosi koyambira kusankha kakhale J7, ndipo J7 wa m'fomula asakhale ndi $. Mukayambira pa kabokosi kena, utoto umagwera pambali pa cholakwacho. Kolamu H ndi mzere 5 nazo zinapatsidwa utoto wofiira zikasiyana ndi 0. Mitundu ina sitinaike yambiri. CH yekha ndiye ali ndi chikasu chofewa, poti tsamba likadzaza mitundu, chofiira chofunikacho chimasowa pakati pa zinzake.

Peresenti ndi ya gulu kugamula

Fomula ya mu I7 ndi yaifupi, koma kumbuyo kwake kuli zigamulo ziwiri.

```
=IF($B7="","",IF(D7+E7+F7=0,"",(D7+E7)/(D7+E7+F7)))
```

Taonani membala wa mumzere 20. Pa misonkhano 10 ali ndi BW 6, CH 2, JO 1 ndi PE 1. Wochedwa akatengedwa kuti anabwera ndipo tsiku lopepesa likachotsedwa m'masamu, ndi 8 kugawa ndi 9, kutanthauza 88.9 peresenti. Tsiku lopepesa likawerengedwa ngati msonkhano womwe anauphonya, ndi 8 pa 10, kapena kuti 80 peresenti. Kuchedwa nako kukapanda kuwerengedwa ngati kubwera, ndi 6 pa 10, 60 peresenti. Munthu ndi mmodzi, zizindikiro n'zomwezo, koma ngati malamulo a gulu amafuna 75 peresenti, masamu awiri akumudutsitsa pomwe achitatu akumugwetsa. Wopanga kaundula asasankhe yekha mwakachetechete. Gululi linasankha njira yoyamba, ndipo chigamulocho chinalembedwa m'mawu pamwamba pa tsamba pafupi ndi lamulo la kuchedwa.

Njira yoyambayi ili ndi kufooka kwake. Munthu wobwera kamodzi n'kupepesa maulendo 9 amaonetsa 100 peresenti. Kolamu I isamawerengedwe payokha popanda kuyang'ana G. Gawo la `D7+E7+F7=0` linaikidwa chifukwa membala watsopano yemwe sanalembedwepo akanaonetsa `#DIV/0!`. IFERROR ikanabisanso uthengawu, koma imabisa ndi zolakwa zina zomwe mukanafuna kuziona. Kolamuyi iikidwe maonekedwe a Percentage, osachulukitsanso ndi 100.

Zosintha za m'kati mwa nyengo

Msonkhano ukalephereka, musalembe JO kapena PE kwa onse. Fufutani tsikulo mumzere 6 n'kulembamo mawu akuti sunachitike. COUNTIFS imadutsa mawu, ndiye H amakhalabe 0 ndipo mzere 5 wa kolamuyo suonetsa kanthu.

Msonkhano wapadera ukawonjezeka, kolamu yatsopano ilowetsedwe pakati pa J ndi V, osati kuseri kwa V. Ikalowa pakati, mafomula onse amadzitambasula okha kufika W. Ikakhala kuseri, musadalire kuti atero, ndipo H sangakuchenjezeni chifukwa nayenso amayang'ana malo akale omwewo. Kolamu yatsopanoyo imafunika kukoperedwa mafomula a mizere 1 mpaka 5 kuchokera kwa yoyandikana nayo.

Membala akasiya, mzere wake usafufutidwe, chifukwa zowonkhetsa za masiku apitawo zitsika ndipo sizigwirizananso ndi zomwe zinalembedwa m'maminitsi. Koma mukangomusiya, H wake amakwera ndi 1 sabata iliyonse. Yankho ndi kolamu ya tsiku losiyira, kuseri kwa masiku, tinene W. M'fomula ya H, pomwe pali `$B$2` pakhale `MIN($B$2,$W7)`. MIN imadutsa kabokosi kopanda kanthu, motero omwe sanasiye sakhudzidwa. M'fomula ya mumzere 5 muchotsemonso `COUNTIF($W$7:$W$66,"<"&J$6)` kuti osiyawo asamayembekezeredwe.

Kusanja mayina ndi komwe kungawononge kaundula yense kamodzi n'kamodzi. Wina akasankha kolamu B yokha n'kuisanja kuyambira A mpaka Z, mayina amasuntha koma zizindikiro zimatsala, ndipo aliyense amatenga mbiri ya mnzake. Zowonkhetsa zonse zimakhalabe 309, H amakhalabe 0. Posanja sankhani kuyambira A7 mpaka kolamu yomaliza ndi mzere wa membala womaliza, ndipo Excel ikafunsa sankhani Expand the selection. Nambala ya mu A ndiyo yokuthandizani kuzindikira ngoziyi: membala nambala 14 akaoneka ndi dzina lina, bwererani ku fayilo yomwe munasunga kale. N'chifukwa chake mlembi amasunga kope ya fayilo pakatha msonkhano uliwonse, dzina lake lili ndi tsiku.

Pomaliza mafomula anatsekedwa. Timabokosi tolembamo, A7 mpaka C66, J6 mpaka W66 ndi B2, tinachotsedwa chizindikiro cha Locked mu Format Cells, Protection, kenako tsamba linatetezedwa ndi Review, Protect Sheet. Popanda izi, tsiku lina wina adzalemba 9 pamwamba pa fomula ya mu D pofuna kukonza nambala, ndipo kabokosiko sikadzasinthanso. Chitetezochi chimachotsedwa kaye mukafuna kusanja kapena kulowetsa kolamu.

Chomwe kaundulayu sangagwire ndi chizindikiro chovomerezeka cholembedwa pa munthu wolakwika. Mlembi akalemba BW pomwe panayenera JO, palibe chofiira chomwe chioneke. Ichi chimagwidwa m'chipinda momwemo: msonkhano usanathe, wina awerenge anthu omwe akhala, ndipo nambalayo ifanane ndi mzere 1 kuphatikiza mzere 2 wa tsikulo. Pa 8 Malichi, BW 24 ndi CH 4 ziyenera kukumana ndi anthu 28 m'chipindamo, ndipo zikasiyana mayina ayitanidwenso anthu asanabalalike.